Mawu akutsalira m'mbuyo pa saundiba kapena sipika ya Bluetooth: PCM, chingwe, kapena kudikiritsa chithunzi?

Munthu wa pa TV watseka kale pakamwa koma mawu ake akumvekabe. Zikatere ambiri amathamangira mu menyu, n'kupeza polembedwa Audio Delay kapena AV Sync, n'kuyamba kukweza manambala. Vuto limangokula. Pa ma TV ndi masaundiba ambiri, malo amenewa amayambira pa 0 kupita m'mwamba, ndipo ntchito yake n'kuchedwetsa mawu. Anawaikira vuto lina, loti mawu afika msanga pamene TV ikadakonzabe chithunzi. Ngati mawu ndi amene achedwa, palibe makina amene angawatulutse asanawalandire. Chotsala n'kufupikitsa ulendo wa mawuwo kapena kugwira chithunzi kuti chiwadikire, ndipo njira iliyonse imene ndikuyerekeza pano ikuchita chimodzi mwa ziwirizi. Choncho musanayese china chilichonse, bwezerani Audio Delay pa 0, pa TV ndi pa saundiba pomwe.

Sikuti mukufunafuna kulingana ndendende. Muyezo wa ITU-R BT.1359, umene a nyumba zoulutsira mawu ndi zithunzi amagwiritsa ntchito, umati munthu amayamba kuzindikira vutoli mawu akachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi 125, koma akatsogola amazindikira pa 45 pokha. Ubongo unazolowera kuona kaye n'kumva pambuyo, poti mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kutanthauza kuti mita iliyonse pakati pa inu ndi sipika imawonjezera mamilisekondi atatu. Ndiye ngati mwaona kale kuti milomo ndi mawu zikusemphana, kuchedwako kwadutsa 100, ndipo kungokutsitsa kufika cha m'ma 50 n'kokwanira.

Tiyambe ndi saundiba yolumikizidwa pa HDMI ARC, bowo la HDMI lotumiza mawu a TV ku saundiba, kapena pa chingwe cha oputiko, chifukwa apa pali mankhwala aulere. Filimu ikabwera ndi mawu a Dolby Digital, ma TV ambiri akakhala pa Auto amayamba amasula mawuwo, kuwasakaniza ndi timawu ta menyu, kenako kuwamanganso kuti atumize ku saundiba, imene nayo iyenera kuwamasula. Gawo lililonse limadya nthawi, chithunzi chili pa sikirini kalekale. Mu menyu ya mawu, pamene pamalembedwa Digital Output Audio Format kapena Digital Sound Output malinga ndi mtundu wa TV, mupeza zosankha ziwiri zopikisana: PCM ndi Pass-Through, pena amalemba Bitstream.

PCM imatanthauza kuti TV imasula mawu kamodzi n'kutumiza omasulamasula, saundiba ingoimba. Mwa zonse, iyi ndi imene imachotsa kuchedwa kawirikawiri. Mtengo wake ndi wakuti pa ARC wamba ndi pa oputiko, PCM imanyamula matchanelo awiri okha, kumanzere ndi kumanja. Ngati saundiba yanu ndi ya 2.0 kapena 2.1, simunataye chilichonse chomveka, ndipo ine ndingasiyire pomwepo. Koma ngati muli ndi 5.1, ya masipika akumbuyo, kapena munagulira Dolby Atmos, PCM ya matchanelo awiri ikulandani chimene munalipirira. Apo yesani Pass-Through: TV imangopatsira mawu mmene abwerera osawakhudza, saundiba n'kumasula yokha. Kuchedwa kumachepa, matchanelo onse alipo, kungoti pa ma TV ena timawu ta menyu timasowa, zimene sindikuganiza kuti pali amene angadandaule nazo.

Ngati TV ndi saundiba zonse zili ndi eARC, mtundu watsopano wa ARC, yatsani. Inabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017, imanyamula PCM ya matchanelo ambiri, ndipo kuuzana kwa zipangizo za mmene chilichonse chikuchedwera n'kokakamiza pa eARC, pamene pa ARC ya 2009 opanga ankachita kusankha kuikamo kapena ayi. Oputiko ndiye siuzana kanthu n'komwe: mawu amangopita mbali imodzi, TV siidziwa kuti saundiba ikutenga nthawi yaitali bwanji. Komabe eARC si matsenga. Zipangizo za makampani osiyana nthawi zina sizimvana bwino, ndipo mukapeza kuti eARC yaipitsa zinthu, kuizimitsa n'kubwerera ku ARC ndi PCM si kugonja.

Palinso njira ina yosintha mayendedwe a zingwe, imene kwa ine imaposa zonsezi ikakhala yotheka. Ngati mumaonera kudzera pa dikoda, pa kabokosi ka intaneti kapena pa makina a magemu, ndipo saundiba ili ndi bowo lolembedwa HDMI IN, lowetsani chipangizocho mu saundiba, kenako saundiba ipite ku TV. Tsopano mawu akufika koyamba kwa woimba, chithunzi n'chimene chikuyenda ulendo wautali. Mwina mupeza kuti mawu ayamba kutsogola, ndipo pamenepo Audio Delay uja wapeza ntchito yake. Malire ake ndi awiri. Mapulogalamu a mkati mwa TV, monga YouTube kapena Netflix, sadutsa njira imeneyi. Komanso masaundiba ambiri sadutsitsa 4K pa 120 Hz kapena VRR, yogwirizanitsa liwiro la sikirini ndi la gemu, zimene osewera pa PlayStation 5 ndi Xbox Series X amazifuna.

Onaninso Game Mode. Ikayaka, TV imasiya kukongoletsa chithunzi n'kumachitulutsa m'mamilisekondi 10 kapena 20, pamene m'mamodi oonera filimu imatha kuchigwira nthawi yoposa apo kangapo. Chithunzi chikathamanga, kuchedwa kwa mawu kumaonekera poyera. Poonera filimu izimitseni, kuchedwa kwa TV kukuthandizeni kubisa kwa saundiba. Pa saundiba napo, mamodi ofutukula mawu ndi a usiku amawonjezera ntchito, ndiye poyesa ikani pa Standard kapena Direct.

Bluetooth ndi nkhani ina. Apa kuchedwa si kuwonongeka, ndi mmene njirayo inapangidwira. Mawu amapanikizidwa, kudulidwa m'timagawo, kutumizidwa pamphepo, kenako sipika imasunga pang'ono isanayambe kuimba kuti kagawo kena kakatayika nyimbo isadukeduke. Ndi SBC, njira yopanikizira mawu imene chipangizo chilichonse choimba nyimbo pa Bluetooth chimakhala nayo, kuchedwa kumakhala pakati pa mamilisekondi 150 ndi 300, pamwamba pa 125 uja. Mwa njira zina zopanikizira mawu, AAC siithandiza pa nkhani ya nthawi, ndipo LDAC anaipangira kukoma kwa mawu osati changu. Mungadabwe kuti bwanji pa foni YouTube imaoneka bwino ndi sipika yomweyo. Foni imayerekeza kapena kuuzidwa ndi sipika kuti ichedwa bwanji, n'kugwira chithunzi mwakachetechete. Ma TV ena amachitanso zimenezi akalumikizidwa ndi Bluetooth yawoyawo, ena ayi. Kakabokosi kotumiza Bluetooth kamene mwalumikiza pa bowo la mahedifoni kapena la oputiko ndiye TV siikadziwa n'komwe, choncho siingadikire.

Ogulitsa adzakuuzani za aptX Low Latency, njira inanso yopanikizira mawu, ndipo n'zoona kuti imatsitsa kuchedwa kufika cha m'ma 40, kumene diso silingagwire. Msampha ndi wakuti iyenera kukhala mbali zonse ziwiri. Mukagula kotumizira ka aptX Low Latency koma sipika yanu ilibe, ziwirizo nthawi zambiri zimagwirizana kugwiritsa ntchito SBC ndipo ndalama zapita pachabe. Masipika onyamula m'manja amene ali nayo ndi ochepa, imapezeka kwambiri m'mahedifoni. Musaisokonezenso ndi aptX wamba kapena aptX HD, zimenezo n'zina. Kwa amene sipika ali nayo kale, njira imeneyi ndimaiika kumapeto.

Yotsika mtengo n'kudikiritsa chithunzi mu pulogalamu yoonerera. Tiyerekeze kuti mukuonera filimu pa laputopu ndi VLC, ndipo sipika ikuchedwa ndi 200, koma inu nambalayo simukuidziwa. Pa filimu ya mafulemu 25 pa sekondi, fulemu imodzi ndi mamilisekondi 40, ndiye mawu ali kumbuyo ndi mafulemu asanu. Pezani malo amene munthu akulankhula nkhope ili pafupi, muziyang'ana mawu otseka milomo monga p, b ndi m, kapena malo amene china chikumenyedwa. Pa Windows ndi Linux, batani la J limatsitsa nambala ndi 50 nthawi iliyonse, la K limakweza. Mukadina J kawiri muli pa -100, kuchedwa kotsala ndi 100, ndipo diso likuuzani kuti zakhala bwino. Musaime pamenepo, chifukwa muli m'mphepete ndipo zochitika zothamanga zidzakuululirani. Pitirizani mpaka mawu ayambe kumveka milomo isanasunthe, zimene zichitike cha pa -250. Poti diso limagwira msanga mawu otsogola, nambala yoyenera ili pafupi ndi mbali imeneyi: bwererani kamodzi ndi K, mukhale pa -200. Nambalayo ndi ya sipikayo ndi laputopuyo, ndiye ilembeni penapake. Pa mpv, pulogalamu ina yoonerera, mungailembe poyambira pomwe, m'masekondi:

```
mpv --audio-delay=-0.2 filimu.mkv
```

Pulogalamu ya Kodi ilinso ndi Audio offset yopita mbali zonse ziwiri, Fire TV ili ndi AV Sync Tuning, ndipo Apple TV ili ndi Wireless Audio Sync, imene imagwiritsa ntchito maikolofoni ya iPhone kumvetsera n'kuyeza yokha. Zonsezi zimatheka chifukwa filimu ndi chinthu chojambulidwa kale, kuigwira kachigawo ka sekondi sikupweteka aliyense.

Pa magemu njirayi imagwa. Mukadikiritsa chithunzi ndi 200, ndiye kuti mukadina batani munthu wanu adumpha mochedwa ndi 200, ndipo palibe wosewera angalole zimenezo. N'chimodzimodzi poimba kiyibodi ya nyimbo kudzera pa kompyuta. Apa chingwe n'chimene chimapambana: ngati sipika ili ndi bowo la AUX, kachingwe ka mamilimita 3.5 kamachotsa ulendo wonse wa pamphepo, ndipo pa masipika ambiri kuchedwa kotsala sikumveka. Masipika atsopano ena anachotsa bowoli, ndiye ngati mukugula sipika yoti izikhala pa TV, tembenuzani muone kumbuyo musanalipire. Saundiba imene mwailumikiza ndi TV pa Bluetooth pamene ili ndi HDMI ARC, ingoisamutsirani pa chingwe lero lomwe.

Zonsezi zimagwira ntchito ngati kuchedwako kuli kofanana kuyambira poyamba filimu mpaka kumapeto. Ngati zimayamba bwino kenako n'kumasemphana pang'onopang'ono, nambala imodzi siingakonze, chifukwa vuto lili mu pulogalamu, mu intaneti kapena mu fayilo. Imitsani filimu n'kuiyambitsanso, zikakana zulani TV ndi saundiba kumagetsi kwa miniti imodzi. Ndipo ngati ndi tchanelo chimodzi chokha chimene chikusemphana, zimitsani saundiba mumvetsere pa masipika a TV: chikasemphanabe pamenepo, cholakwika chachokera kwa otumiza, ndipo mukakonza zipangizo zanu kuti zigwirizane nacho mudzasokoneza matchanelo ena onse.