Imelo ya malipiro a pamwezi: muwerenge maola kapena mutchule ntchito?

Tiyerekeze kuti ndinu mlangizi wa zowerengera ndalama, ndipo mwini golosale ya ku Limbe akufuna muzimuthandiza mwezi ndi mwezi. Imelo yomufotokozera malipiro mungailembe m'njira ziwiri.

Yoyamba ndi ya maola: "Bwana, K400,000 pamwezi ndi ya maola 10. Ola lililonse loposera pamenepo ndi K50,000." Imaoneka yachilungamo, koma imabala mikangano. Bwanayo akakuimbirani lamya kwa mphindi 20, muwerengera kapena ayi? Nanga maola akatsala mu Malichi, alowa mu Epulo? Mukapanda kulemba kuti otsala amathera mwezi womwewo, adzawafuna onse pamodzi nthawi imene mwapanikizika.

Yachiwiri imatchula ntchito: "K400,000 ndi yolemba mabuku a ndalama, kukonza msonkho wa PAYE wa antchito ndi kukumana kamodzi pamwezi." Kenako mumalemba zimene zili kunja kwa mgwirizano. A MRA akafuna kufufuza mabuku, mabuku a chaka chatha akafunika kukonzanso, kapena bwanayo akakutumani ku Lilongwe, mtengo ndi wina, ndipo mudzayamba mwautumiza kuti auvomereze polemba.

Ine ndimakonda yachiwiriyi, chifukwa wamalonda sagula nthawi yanu, amafuna kuona chimene chachitika. Koma ili ndi msampha wake. Mawu akuti "kulemba mabuku" alibe malire: golosale ikatsegula nthambi ku Ndirande, malisiti achuluka kawiri pa ndalama yomweyo. Choncho lembani kuti mtengowu ndi wa sitolo imodzi, ndipo nthambi yatsopano idzafuna kukambirananso.