Kagalu kokubweretserani kapena kokatenga nokha pakhomo?

Ndagulapo tiagalu kawiri mu Lilongwe muno, mwanjira ziwiri zosiyana, ndipo kamodzi kokha ndi komwe kali moyo lero.

Koyamba ndinakapeza pa WhatsApp. Wogulitsa anatumiza zithunzi za German Shepherd wamkulu bwino, nati ndiye mayi wake, kenako anapempha ndalama ya chikole pa Airtel Money. Nditafunsa kwawo anati n'kutali, msewu ndi woipa, tikumane pamalo omwetsera mafuta. Anabwera ndi kagalu m'katoni, kaubweya wosalala, kofatsa. Kufatsa kumeneko ine ndinakutenga ngati khalidwe labwino. Tsiku lachinayi kanakana chakudya, kanayamba kusanza, kenako kutsekula m'mimba magazi onunkha koopsa. Dokotala wa ziweto anati ndi parvo, matenda opatsirana a m'matumbo omwe amapha kwambiri tiagalu. Kanafa patapita masiku awiri, ndipo foni ya wogulitsa uja inaleka kupezeka.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woti simuvutika ndi ulendo, mtengo nawo umakhala wotsikirapo. Koma chomwe mumaona ndi kagalu kokha, kwa mphindi khumi. Parvo amatha kukhala m'thupi masiku 3 mpaka 7 asanaonekere, choncho kagalu kodwala kale kangathe kukugwedezerani mchira tsiku logula. Zomwe zikanakuchenjezani, monga abale ake ofooka kapena chimbudzi chamadzi m'khola, zatsala kunyumba komwe sanafune kuti mufikeko.

Kachiwiri ndinakatenga ndekha pakhomo pa mayi ena oweta agalu. Chomwe ndinayamba kuona ndi galu wamkazi. Woyamwitsa kapena wongoletsa kumene kuyamwa amakhala ndi mawere olendewera, ndipo tiana timamuthamangira, iye n'kumatinunkhiza mosadabwa. Izi n'zofunika chifukwa ngakhale wapakhomo atha kubwereka galu wooneka bwino kuti mudziti ndiye make. Ndinaona tonse tisanu tikulimbirana mbale imodzi, ndinasuzumiranso kuseri kwa khola komwe timachita chimbudzi: chinali choumbika, chopanda magazi.

Kenako ndinanyamula komwe ndinakakonda. Ndinatukula mlomo wake kuona nkhama. Zathanzi zimakhala zofiirira, ndipo mukadina ndi chala zimayera n'kubwerera msanga, pasanathe masekondi awiri. Zotuwa ngati pepala zimasonyeza kuchepa magazi, kawirikawiri chifukwa cha njoka za m'mimba kapena matenda a nkhupakupa. Ndinatsina chikopa cha pamsana pang'ono n'kusiya. Chinabwerera pompo, kusonyeza kuti m'thupi muli madzi okwanira. Mimba yotupa ngati mpira pomwe nthiti zikuwerengeka ndi njokanso zimenezo, musanamizidwe kuti kakhuta. Maso analibe manthongo, pansi pa mchira panali pouma.

Pomwe ogulitsa awiriwa anasiyana kwambiri ndi pa khadi la katemera, ndipo apa m'pomwe ndimadziimba mlandu. Woyamba uja anandipatsa khadi, ine n'kungolipinda. Nditaliwerenga kagalu katafa kale, linati kanabadwa pa 3 Juni, katemera woyamba pa 12 Juni. Kagalu ka masiku 9 kamakhala kasanatsegule n'komwe maso, ndipo palibe dokotala angakabaye katemera wa parvo. Katemera woyamba amaperekedwa pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwerezedwa pakatha masabata 3 kapena 4 aliwonse kufikira pa masabata 16. Wa chiwewe amabwera pa miyezi itatu. Ndiye munthu akakuuzani kuti kagalu ka masabata 7 "kanamaliza majekeseni onse", akunama kapena sakudziwa chomwe akuweta. Khadi la mayi aja linali ndi kapepala komata kochokera pabotolo la katemera, kokhala ndi nambala yake, chidindo cha chipatala ndi siginecha. Ndinaimbira chipatalacho ali pomwepo, iwo osakwiya.

Anandiuzanso okha kuti bambo wa tiagaluto si German Shepherd weniweni, ndi wosakanikirana. Wogulitsa woulula chotsitsa mtengo wake ndimamukhulupirira pa zinazo. Anakananso kundipatsa tsiku lomwelo chifukwa kanali ndi masabata 6 okha, anati ndibwere pakatha masabata awiri. Kagalu kochotsedwa kwa make msanga kamakula kosadziwa malire poluma, popeza zimenezo kamaphunzira posewera ndi abale ake.

Njira yachiwiriyi inandidyera mafuta a maulendo awiri, mtengo unalinso wokwera. Ndalama ndinapereka titatuluka limodzi kwa dokotala, kagalu katayezedwa. Ndinali nditadikiranso chaka chathunthu ndisanabweretse kena pakhomo, chifukwa kachilombo ka parvo kamakhalitsa m'dothi miyezi yambiri, ndipo khola lakale lija ndinalitsuka ndi Jik ndisanaikemo katsopanoka.