1080p, 720p kapena 480p? Vidiyo ya ukwati ya mphindi 90 pa netiweki yozengereza

Mwezi watha ndinajambula ukwati ku Katete. Nditadula zosafunika panatsala mphindi 90, ndipo atsibweni a mkwatibwi anapempha kuti ndiyiike pa YouTube kuti abale a ku Lusaka ndi ku Mchinji aonere. Ndinaitulutsa monga ndinazolowera, pa `1080p`, n'kugula bandulo ya usiku. Tambala woyamba akulira, kamzere kanali kasanafike n'pakati pomwe. Bandulo inatha vidiyo ili m'njira.

Ambirife timaganiza kuti chimene chimalemetsa vidiyo ndi `1080p` ija. Ayi. Kulemera kwa fayilo kumachokera pa zinthu ziwiri zokha: kutalika kwa vidiyo ndi bitireti, kutanthauza kuchuluka kwa data imene sekondi iliyonse ikudya. Bitireti ya 1 Mbps imapanga 450 MB pa ola limodzi, kaya chithunzicho ndi chachikulu kapena chaching'ono. Choncho musanatsegule pulogalamu yotulutsira, yezani kaye netiweki pamalo ndi pa nthawi imene mudzakwezere. Speedtest imapatsa manambala awiri, ndipo ya ife ndi ya `Upload`, osati ya `Download` imene imasangalatsa maso ija. Kwathu ku Kapata, usiku, ine ndinapeza pafupifupi 1 Mbps. Masamu ake ndi awa:

```
nthawi yokweza = kutalika kwa vidiyo x bitireti / liwiro la Upload
```

Njira yoyamba ndi imene YouTube yeniyeni imalangiza: `1080p` pa mafulemu 30 pa sekondi, bitireti 8 Mbps. Mukaphatikiza mawu a 128 kbps, mphindi 90 zimatuluka pafupifupi 5.5 GB. Pa liwiro langa lija amenewo ndi maola oposa 12, netiweki isanatsokomole n'kamodzi komwe. Chithunzi chake n'chokongoladi, mikanda ya pa diresi mumachita kuiwerenga. Koma malangizowo amayenera munthu wa intaneti yothamanga, ndipo abale ambiri adzaonera pa foni, kumene YouTube imatsitsa yokha chithunzi netiweki ikafooka. Mumalipira data ya zinthu zimene iwo sadzaziona.

Yachiwiri ndi `720p` pa 2.5 Mbps, imene ili theka la 5 Mbps imene YouTube imalangiza pa kukula kumeneku. Fayilo imakhala pafupifupi 1.8 GB, ndipo imakwera m'maola anayi. Pa malumbiro ndi pa malangizo a ankhoswe, pamene anthu angoima ndipo kamera ili pa miyendo yake, sindinathe kuisiyanitsa ndi yoyamba ija pa foni. Imayamba kuonetsa kutopa pa pelekanipelekani: anthu akuvina, zitenje zamaluwamaluwa zikuwuluka, fumbi lili koboo. Apo nsalu zimafewa ngati zapakidwa mafuta, koma nkhope zimazindikirikabe. Imeneyi ndiyo ndinasankha.

Yachitatu, `480p` pa 1 Mbps, imatuluka pafupifupi 760 MB ndipo imakwera pasanathe maola awiri. Ya ulaliki kapena msonkhano, kumene nkhani ili m'mawu, ndi yokwanira. Ya ukwati ndimaikana, chifukwa wina akaiika pa TV mayina olembedwa pa keke sawerengeka, ndipo wonyozedwa ndi wojambula.

Pali njira ina imene imakopa anthu ambiri, ndipo ndinaiyesa: kusiya `1080p` koma kutsitsa bitireti kufika pa 2.5 Mbps, kuti kasitomala aone nambala yaikulu ija. Kulemera kwake ndi 1.8 GB yomweyo, ndendende ndi njira yachiwiri. Kusiyana kuli apa. Fulemu ya `1080p` ili ndi timadontho 2,073,600 pamene ya `720p` ili ndi 921,600. Ndi ufa womwewo, koma odya achuluka kuposa kawiri. Pa malo odekha imaoneka bwino ndithu, mwina kuposa `720p`. Gule akangoyamba, chithunzi chimasweka timabokositimabokosi, makamaka m'malo amdima ndi pa udzu, kenaka chimayera kamera ikaima, n'kuswekanso ikasuntha. Ndipo poti YouTube imaifinyanso vidiyo iliyonse ikailandira, timabokosi timeneto sitichoka, timangowonjezeka. Ngati vidiyo yanu ndi ya munthu mmodzi wokhala pa mpando, njirayi ikhoza kukuchitirani. Ya magule, iwalani.

Mafulemu nawonso amagawana ufa womwewo. Ukwatiwu ndinaujambula pa 60, koma ndinatulutsa pa 30. Kutero sikunachepetse fayilo, popeza bitireti sinasinthe, koma fulemu iliyonse inapeza gawo lokulirapo. N'chifukwa chake ngakhale YouTube imakweza malangizo ake a `720p` kufika pa 7.5 Mbps mukafuna 60. Chofunika n'kugawa pakati ndendende: 60 ipite pa 30, ndipo 50 ipite pa 25. Mukachotsa 30 kupita pa 25, pulogalamu imataya fulemu imodzi mwa zisanu ndi imodzi zilizonse, ndipo kamera ikamazungulira holo chithunzi chimayenda modumphadumpha. Vidiyo ya 30 isiyeni pa 30. (Magetsi athu kuno ndi a 50 Hz, choncho pansi pa mababu ena a m'holo kujambula pa 25 kapena 50 kumachotsa kuphethira kwa chithunzi. Koma zimenezo n'zokonza pa kamera tsiku lojambula, potulutsa mwachedwa kale.)

Mu HandBrake, pulogalamu yotulutsira vidiyo, pa `Video`, pali `Constant Quality` ndi `Avg Bitrate (kbps)`. Yoyamba imasunga kukongola kofanana, koma kulemera kwa fayilo mumakudziwa itatha kutuluka, ndipo vidiyo yodzaza magule ikhoza kukudzidzimutsani. Munthu wowerengera bandulo asankhe yachiwiri, alembe `2500`, kutanthauza 2.5 Mbps ija, achonge `Multi-pass Encoding`, imene m'ma HandBrake akale imalembedwa `2-Pass Encoding`. Pamenepo kompyuta imayamba yaiwerenga vidiyo yonse, kenaka imamana data malo odekha n'kuipereka kumene kuli gule. Imatenga nthawi yotalikirapo, ndiye yambani malaiti alipo ndipo batire la laputopu lili lodzaza. Pa njira zofinyira vidiyo, `H.265` imakongoletsa chithunzi pa bitireti yomweyo ndipo YouTube imailandira, koma pa kalaputopu kanga kakale imachedwa kwambiri moti ndimangokhala pa `H.264`.

Mawu musawakhudze kwambiri. Pa 128 kbps, mphindi 90 zonse ndi 86 MB basi. Mukatsitsa kufika pa 64 mwapulumutsa 43 MB yokha, koma kwaya imamveka ngati ikuimbira m'chitini.

Musanatulutse yonse, sinthani `Range` ikhale `Seconds`, musankhe mphindi imodzi ya pamene pavuta kwambiri, ine ndimatenga pamene akwati akulowa movina. Itulutseni pa njira ziwiri zimene mukufuna kufanizira, muziike pa foni, muonere panja kowala. Ngati nkhope zikusungunuka pa `720p`, kwezani kufika pa `3000`, podziwa kuti fayilo yafika pa 2.1 GB ndipo pa nthawi yokweza mwawonjeza mphindi 45.

Nditatulutsanso pa `720p`, ndinaika foni pa windo loyang'ana ku mlongoti, pa chaja, n'kuilumikiza ku laputopu ndi chingwe. Ndinayamba pakati pa usiku. Netiweki inadula kamodzi, koma nditabwerera pa YouTube Studio n'kusankhanso fayilo yomweyo, inapitiriza pamene inalekezera. Chimodzi chimene muonetsetse usanafike usikuwo: akaunti imene simunaitsimikize ndi nambala ya foni siloledwa vidiyo yopitirira mphindi 15, ndipo n'zowawa kuzidziwa bandulo itapita kale.