“Amvetse” Kapena “Atha Kusungunula”?

Tinene kuti mukukonza maphunziro a masiku awiri a azaumoyo a m'midzi, okhudza thanzi ORS. Zolinga mungazilembe m'njira ziwiri.

Yoyamba: “Ophunzira amvetse kakonzedwe ka ORS.” Mawu ake ngokoma, koma Lachisanu likakwana mudzayesa chiyani? Kumvetsa kumachitikira m'mutu, sikuoneka. Munthu amagwedeza mutu m'kalasi, n'kukathira paketi yonse m'kapu ya tiyi akafika kumudzi, madziwo n'kukhala amchere kwambiri moti angamuwonjezere matenda mwana wotsegula m'mimba. Zoterezi zimandiwawa mtima.

Yachiwiri: “Pomaliza, wophunzira atha kusungunula paketi imodzi ya ORS mu lita imodzi ya madzi abwino, atasamba m'manja, osayang'ana pa pepala.” Apa mneni ndi “kusungunula”, ndipo mayeso adzilemba okha. Mum'patse botolo, paketi ndi sopo, muime pambali muone ngati madzi afika pa mzere wa lita.

Ine ndimasankha yachiwiri, ngakhale ili ndi malire: kusungunula sikusonyeza kuti akudziwa chifukwa chake. Onjezani cholinga china, chakuti “afotokoze m'mawu ake chifukwa chomwe madzi otsalawo amatayidwa pakapita maola 24.”