Tsiku la pa paketi ya ku China si tsiku lotha ntchito

Abale kumudziko, kuno ku Guangzhou pafupifupi aliyense wobwera koyamba kudzaoda katundu ku Xiaobei amadabwa chinthu chimodzi: akalowa mu sitolo, zakudya zonse zimaoneka ngati zinatha ntchito kalekale. Sizinathe ayi. Pa zakudya zambiri za kuno amadinda tsiku limene chinthucho chinapangidwa, kenako pamalo pena amalemba kutalika kwa nthawi imene chingakhale chisanaonongeke. Masamu ake muchite nokha.

Simufunika kudziwa Chitchaina. Mungoloweza maonekedwe a mawu awiri. Loyamba ndi 生产日期, tsiku lopangira. Lachiwiri ndi 保质期, nthawi yosunga. Ine ndinawajambula pa foni, ndipo ndimangofanizira ndi zomwe zili pa paketi.

Titenge botolo la mafuta ophikira lomwe lili kukhitchini kwanga. Pafupi ndi 生产日期 palibe nambala, pali 见瓶身. Chilembo choyambacho, 见, chikuti "onani", ndipo zotsatirazo zikutchula malo ake, apa ndi pa botolo lenilenilo. Mukaona 见 mudziwe kuti tsiku lili kwina: pa chitsekero, pansi pa chitini, kapena m'mphepete momwe anamata paketi. Ndinalipeza paphewa pa botolo, timadontho takuda tolemba 20240905. Kuno amayamba chaka, kenako mwezi, tsiku kumapeto, ndiye limeneli ndi 5 Seputembala 2024, osati 9 Meyi.

Tsono pa 保质期 palembedwa 18个月, kutanthauza miyezi 18. Kuwerenga kuchokera Seputembala 2024, mafutawa malire ake ndi kumayambiriro kwa Malichi 2026.

Kachilembo ka pakatiko, 个, musakapeputse. 月 ndi mwezi, choncho 12月 ndi Disembala, pomwe 12个月 ndi miyezi 12. Mukaona 天 ndi masiku, monga 21天 pa yogati, ndipo 年 ndi chaka. Nthawi zina pamakhala nambala ziwiri, ina ya 常温, kusunga panja pa firiji, ina ya 冷藏, kusunga mu firiji. Ndi mmene magetsi amathimathimira kwathuko, ine ndingadalire yaifupiyo.

Pa mankhwala ndi zodzola zinthu zimatembenuka, ndipo apa ndi pofunika kusamala kwambiri. Pa bokosi la mankhwala mupeza 有效期至, pa zodzola zambiri 限期使用日期. Amenewa ndi masiku otha ntchito enieni, musawonjezepo mwezi uliwonse. Chilembo cha 至 chimatanthauza "mpaka", kotero tsiku lolembedwa pambuyo pa chilembochi ndiye malire.

Inu ogulitsa ku Limbe ndi ku Lilongwe, katoni ikangofika werengeranitu. Katundu wodzera pa sitima mpaka ku Beira kapena ku Dar es Salaam amathera milungu yambiri m'njira, ndiye bisiketi ya 6个月 imafika pa shelefu gawo lalikulu la nthawi yake litapita kale. Muwafunse okutumiziraniwo akujambulireni mawu awiri aja musanalipire.