Patha miyezi 14 chisankhireni makina a zaka zitatu

"Achimwene, kuwerengera kwanu kwa phindu la pachaka kuja kunakuthandizanidi? Nanenso ndili ndi mapulojekiti awiri osiyana zaka."

Kunandithandiza, achimwene, koma pali pamodzi pomwe ndinapunthwa. Makina oyamba anali a 100,000, okhala zaka zitatu, obweretsa 50,000 pachaka. Achiwiri anali a 150,000, zaka zisanu ndi chimodzi, 43,000 pachaka. Chiwongoladzanja ndinaika 10 peresenti. Nditabweza ndalama zam'tsogolozo pa mtengo wa lero n'kuchotsapo zogulira, phindu lotsala, lomwe amati NPV, la oyamba linali 24,343, la achiwiri 37,276. Mnzanga wa pantchito atangoona anati titenge achiwiri basi.

Koma phindu la zaka zisanu ndi chimodzi simungaliike pa sikelo imodzi ndi la zaka zitatu. Njira ya EAA imatenga NPV n'kuimwaza mofanana pa chaka chilichonse cha moyo wa makinawo, chiwongoladzanja chili momwemo. Mu Excel ndinalemba chonchi:

```
=PMT(10%,3,-24343)
=PMT(10%,6,-37276)
```

Oyamba anatuluka 9,789 pachaka, achiwiri 8,559. Zinthu zinatembenuka, ndipo tinagula a zaka zitatu. Mpaka pano akugwira bwino, ndalama zikulowa monga tinayembekezera.

Chimene sindinachiganizire mokwanira n'chakuti njirayi imayenda poganiza kuti makina akatha mudzagula ena ofanana, pa mtengo womwewo, obweretsa ndalama zomwezo. Mwezi wathawu ndinafunsa mtengo watsopano, ogulitsa anandiuza 115,000, pomwe ife zomwe timapeza sizinakwere. Usiku womwewo ndinakhala pansi ndi pepala n'kuyala zaka zonse zisanu ndi chimodzi. Ulendo wachiwiri phindu likhala 9,343 lokha, ndipo poti lidzayamba patatha zaka zitatu, kulibweza pa mtengo wa lero pogawa ndi 1.331, yomwe ndi 1.1 × 1.1 × 1.1, kukupereka 7,019. Kuphatikiza ndi 24,343 ija ndi 31,362, kuchepera 37,276 ya makina tinawasiya aja. Mtima unandipweteka ndithu. Mtengo ukanakhala womwewo tikanafika 42,632.

Nditafufuza malire ake ndinapeza kuti mtengo ukangodutsa pang'ono 107,000, chisankho chasintha kale. Kukwera kwa 7 peresenti chabe! Nambala imeneyi ndikanatha kuipeza tsiku loyamba lomwe, m'mphindi zochepa.

Njirayi sindinaisiye, ndaigwiritsanso ntchito kawiri chaka chino. Koma tsopano ndimayamba ndafunsa ngati ntchitoyo tidzaibwerezadi. Ngati ndi ya kamodzi kokha, NPV payokha ndi yokwanira. Ngati tidzaibwereza, ndimawerengera EAA, kenako ndimakweza mtengo wogulira ulendo wachiwiri pang'onopang'ono mpaka pomwe wopambana asinthe. Nditumizireni manambala a mapulojekiti anuwo madzulo ano, tiyambire pa funso lobwerezalo.