Mayeso omaliza asanalembedwe, giredi ya wophunzira ndi 27 kapena 67.5?

Pakati pa semesita ophunzira amafuna kudziwa pamene afika, koma gawo lalikulu la malikisi awo limakhala lisanalembedwe n'komwe. Mphunzitsi ali ndi njira ziwiri zodziwika zowerengera: kulitenga gawo lopanda malikisilo ngati ziro, kapena kulichotsa n'kukweza milingo ya magawo otsala kuti ikwanenso 100. Kwa munthu mmodzi yemweyo njirazi zimatulutsa manambala otalikirana kwambiri, ndipo tiziona bwino tikakhala ndi chitsanzo.

Tinene kuti kosi ili ndi magawo atatu. Maasainimenti ali ndi mlingo wa 15 peresenti, mayeso apakati pa semesita 25, mayeso omaliza 60. Kagawidwe ka 40 ku ntchito za mkati mwa semesita ndi 60 ku mayeso omaliza n'kofala m'makoleji athu. Wophunzira wapeza 80 pa maasainimenti ndi 60 pa mayeso apakati. Pa 15 aja wakolola 12, pa 25 aja wakolola 15, zonse pamodzi 27.

Njira ya ziro imathera pomwepo: giredi ndi 27 pa 100. Nambalayi ndi yoona mbali imodzi, chifukwa ndi zimene wasunga kale m'thumba. Atapanda kulowa m'chipinda cha mayeso omaliza, atsala ndi 27 yemweyo. Koma mukamupatsa 27 popanda kufotokoza, amva kuti akulephera, pamene ntchito zonse zimene anapatsidwa wazikhoza. Ngakhale wophunzira amene wapeza 100 pa chilichonse sangapitirire 40 panjirayi, ndiye kalasi yonse imaoneka yolephera mpaka tsiku lomaliza. Simungathe kuona msanga amene akufunikadi thandizo.

Njira yokweza milingo imafunsa funso lina: pa zimene zachongedwa kale, wakhoza bwanji? Milingo ya magawo amene ali ndi malikisi ndi 15 ndi 25, pamodzi 40. Gawani 27 ndi 40, mupeza 67.5 peresenti. N'chimodzimodzi kunena kuti mlingo wa maasainimenti wakwera kufika 37.5 ndipo wa mayeso apakati wafika 62.5, popeza uliwonse wagawidwa ndi 40. Chofunika apa n'chakuti magawo awiriwa asunga kusiyana kwawo: mayeso apakati akulemerabe kuposa maasainimenti monga mmene silabasi inanenera, 5 kwa 3.

Ena amachita zofanana nazo koma zolakwika. Amatenga 60 wa gawo losowalo n'kumudula pakati, 30 uku 30 uku, milingo n'kukhala 45 ndi 55. Wophunzira wathu apeza 69. Kusiyana ndi 67.5 kukuoneka kochepa, koma maasainimenti apatsidwa mphamvu imene palibe anawapatsa, ndipo kwa munthu amene ali pamalire a giredi, mfundo imodzi ndi theka ikhoza kumusuntha. Njira imeneyo isiyeni.

Ine ndili kumbali yokweza milingo, koma ili ndi misampha iwiri imene ziro alibe.

Woyamba ndi wakuti 67.5 amaoneka ngati giredi yokhazikika pamene waima pa 40 peresenti yokha ya kosi. Kuchotsa mayeso omaliza m'masamuwa n'kofanana ndi kuyerekeza kuti wophunzira adzapezanso 67.5 pamayesowo. Yesani: 60 peresenti ya 67.5 ndi 40.5, kuphatikiza 27 mubwerera pa 67.5. Koma maasainimenti amalembedwa kunyumba, mabuku ali potsegula, anzake ali pafupi, pamene mayeso omaliza munthu amakhala yekha. Akadzapeza 40 pamayesowo, giredi yake idzakhala 27 kuphatikiza 24, yomwe ndi 51. Iye adzadandaula kuti giredi yagwa mwadzidzidzi, chonsecho palibe chalakwika m'masamu. Kugwedezeka kotereku kumachitikanso gawo likangolandira malikisi ake oyamba: ngati gawo lili ndi mayeso atatu, oyambawo amasenza okha mlingo wonse wa gawolo mpaka enawo atalembedwa.

Msampha wachiwiri ndi umene umandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa umalanga wolimbikira. Malo opanda kanthu ali ndi matanthauzo awiri: mwina ntchitoyo sinafike nthawi yake, mwina wophunzira sanailembe. Kompyuta siisiyanitsa zimenezi. Tengani wophunzira wina amene wapezanso 80 pa maasainimenti koma anajomba mayeso apakati popanda chifukwa. Mukasiya malo ake opanda kanthu, gawolo lichotsedwa, 12 agawidwa ndi 15, ndipo giredi yake ioneka 80, pamwamba pa mnzake amene anabwera n'kupeza 60. Mukalemba 0, 12 agawidwa ndi 40, giredi n'kukhala 30. Choncho tsiku la ntchito likadutsa, wojomba alembedwe ziro. Malo opanda kanthu atsalire ntchito zimene sizinafike, kapena munthu amene analoledwa kudzalemba pambuyo chifukwa cha matenda kapena maliro. Chizindikiro chakuti zasokonekera n'chosavuta kuona: wophunzira amene simumuona m'kalasi ali pamwamba pa mndandanda.

Mu Excel kapena Google Sheets, milingo ikakhala mu B2 mpaka B4 ndipo malikisi mu C2 mpaka C4, fomula yokweza milingo ndi iyi:

```
=SUMPRODUCT(B2:B4,C2:C4)/SUMIF(C2:C4,">=0",B2:B4)
```

Mbali yam'munsi imaphatikiza milingo ya magawo okhawo amene muli nambala, kuphatikizapo ziro, n'kudumpha opanda kanthu. Mukaika 100 m'malo mwake, mwabwerera kunjira ya ziro. Kumayambiriro kwa semesita, magawo onse akadali opanda kanthu, mudzaona `#DIV/0!`, ndipo izi zikungotanthauza kuti palibe chowerengera.

Amene mumagwiritsa ntchito Moodle, kusankha pakati pa njira ziwirizi kuli pa kabokosi ka `Exclude empty grades` m'makonzedwe a gulu la malikisi. Kakachongedwa, zopanda malikisi zimadumphidwa; mukachotsa chongacho, zimasanduka ziro. Canvas nayo, ikamaonetsa giredi ya pakali pano, imadumpha gulu limene mulibe chochongedwa, ndipo wophunzira akhoza kuona nambala inayo akachotsa chonga pa `Calculate based only on graded assignments`. N'chifukwa chake mphunzitsi ndi wophunzira nthawi zina amakangana, aliyense akuloza nambala yake, onse akunena zoona. Musanatulutse magiredi omaliza onetsetsani kuti malo onse opanda kanthu mwawaunika limodzilimodzi, popeza nthawi imeneyo gawo losowa silikutanthauzanso kuti silinafike.

Pouza wophunzira pakati pa semesita, ine ndimapereka 67.5 koma osati yekha. Pambali pake ndimalemba kuti wachokera pa 40 peresenti ya kosi, kenako ndimawonjezera nambala imene njira ziwiri zija sizipereka: zimene akufunika kupeza pamayeso omaliza. Ngati malire okhozera ndi 50, akusowa 23. Gawani 23 ndi 0.6, mupeza 38.3, kutanthauza kuti malikisi 39 amuwolotsa. Akafuna 70, akusowa 43, ndiye afunika 72 pamayesowo. Sangatsike kupitirira 27 ndipo sangakwere kupitirira 87. Komabe yang'anani malamulo a sukulu yanu, chifukwa kwina amafuna kuti munthu akhoze mayeso omaliza paokha, ndipo kumeneko 39 sangamukwanire ngakhale malikisi onse pamodzi atafika 50.